Kuwononga pulogalamu mwadala pofuna kuyesa matesiti ake

Mapulogalamu a pakompyuta amene anthu amawadalira, monga owerengera malipiro, osunga ndalama kapena otumiza mauthenga, kawirikawiri amalembedwa pamodzi ndi timapulogalamu tina ting'onoting'ono totchedwa matesiti. Tesiti imapatsa pulogalamu manambala kapena mawu odziwika kale, kenako imaona ngati yankho lotuluka likufanana ndi limene limayembekezeredwa. Zikafanana, tesiti yakhoza, ndipo pakompyuta pamaoneka zobiriwira. Zikasiyana, tesiti yalephera, pamaoneka zofiira, ndipo wolemba pulogalamu amadziwa kuti penapake palakwika. Pulogalamu yaikulu imatha kukhala ndi matesiti masauzande, amene amayendetsedwa nthawi iliyonse munthu akasintha kanthu.

Vuto ndi lakuti zobiriwira zimatha kutanthauza zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Mwina pulogalamu ilibe cholakwika pa mbali zimene zayesedwa, kapena matesitiwo ndi ofooka moti sangaone cholakwika ngakhale chitakhalapo. Pamaso zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Njira yotchedwa myuteshoni inapangidwa kuti isiyanitse ziwirizi. Imatenga pulogalamu yabwinobwino, n'kuiwononga pang'ono mwadala, kenako n'kuyendetsa matesiti kuti zioneke ngati aona kuwonongekako. Munthu wofuna kudziwa ngati wosankha mpunga ali ndi maso akhoza kuponya timiyala khumi mumpungamo n'kuwerenga timene tapezeka pomaliza. Maganizo ake ndi omwewo, kungoti pa myuteshoni zolakwikazo zimaikidwa chimodzichimodzi, chilichonse mu kope lakelake la pulogalamu.

Zimene kavareji sanena

Muyeso umene olemba mapulogalamu ambiri anauzolowera ndi kavareji. Chida chimawerenga mizere ya pulogalamu imene yayendetsedwa pamene matesiti amagwira ntchito, n'kupereka peresenti. Kavareji amathandiza pa chinthu chimodzi: amaonetsa mizere imene tesiti iliyonse sinaifike, ndipo mzere wosafikidwa ndi wosayesedwa ndithu. Koma mzere ukafikidwa sizitanthauza kuti wayesedwa. Tesiti ikhoza kudutsa m'mizere yonse popanda kufunsa chilichonse chokhudza yankho, kavareji n'kufika 100 peresenti. Kusiyana kumeneku kumamveka bwino ndi chitsanzo.

Sitolo yogulitsa simenti ili ndi lamulo lakuti wogula matumba 10 kapena kuposerapo amachotseredwa 5 peresenti pa mtengo wonse. Lamuloli likalembedwa m'chinenero cha Python likhoza kuoneka motere:

```python
def malipiro(matumba, mtengo):
    zonse = matumba * mtengo
    if matumba >= 10:
        zonse = zonse - zonse * 5 // 100
    return zonse
```

Mzere wachiwiri ukuchulukitsa chiwerengero cha matumba ndi mtengo wa thumba limodzi. Wachitatu ukufunsa ngati matumba afika 10 kapena apitirira, ndipo chizindikiro cha `>=` ndicho chikunena zimenezo. Wachinayi ukuchotsa magawo 5 pa 100 alionse, ndipo chizindikiro cha `//` chimagawa n'kutaya zotsalira. Wolemba pulogalamuyi waika matesiti awiri, poyerekeza kuti thumba ndi K20,000:

```python
def test_ochepa():
    assert malipiro(2, 20000) == 40000

def test_ambiri():
    assert malipiro(20, 20000) < 400000
```

Tesiti yoyamba ikunena kuti wogula matumba awiri alipire K40,000 ndendende. Yachiwiri ikunena kuti wogula matumba 20 alipire ndalama zochepera K400,000, popeza wachotseredwa. Onse awiri akukhoza, ndipo pakati pawo afika mzere uliwonse. Kavareji ndi 100 peresenti, moti woyang'anira ntchito amene amangoona nambala imeneyi akhoza kukhutira.

Amyutanti asanu ndi atatu

Chida cha myuteshoni chimayamba n'kuyendetsa matesiti pa pulogalamu yosasinthidwa kuti chitsimikize kuti onse akukhoza. Ngati ena akulephera kale, ntchito siyingapitirire, chifukwa sizingadziwike kuti kulephera kobwera pambuyo kwachokera pa kusinthako kapena kunalipo kale. Kenako chimapanga makope ambiri a pulogalamuyo, lililonse litasinthidwa malo amodzi okha. Kope lotere limatchedwa myutanti. Matesiti akayendetsedwa pa myutanti, imodzi mwa iwo n'kulephera, amati myutantiyo waphedwa, ndipo zimenezo ndizo zofunika. Onse akakhoza, myutanti wapulumuka, kutanthauza kuti pulogalamu yawonongedwa koma palibe tesiti imene yazindikira.

Pa pulogalamu ya sitolo ija angapangidwe amyutanti asanu ndi atatu. Woyamba wasintha kuchulukitsa kwa mu mzere wachiwiri kukhala kuphatikiza. Matumba awiri akupereka 20002 m'malo mwa 40000, tesiti yoyamba yalephera, myutanti waphedwa. Wachiwiri watembenuza `>=` kukhala `<`, moti wochotseredwa ndi wogula pang'ono. Matumba awiri akupereka 38000, ndipo tesiti yoyamba yomweyo yamupha. Wachitatu wasintha kuchotsa kukhala kuwonjezera, wogula matumba 20 n'kulipira 420000, ndalama zimene sizochepera 400000, choncho tesiti yachiwiri yamugwira. Wachinayi wafufuta mzere wonse wochotsera mtengo. Yankho likukhala 400000 ndendende, ndipo popeza tesiti yachiwiri ikufuna nambala yochepera pamenepo, nayenso waphedwa.

Anayi otsalawo apulumuka onse, ndipo zofunika kuphunzira zili pa iwowa. Wachisanu wasintha 5 kukhala 6. Wogula matumba 20 akulipira 376000 m'malo mwa 380000, sitolo ikutaya K4,000 pa kugula kumodzi kokha, koma 376000 ndi yocheperabe 400000, ndiye tesiti yachiwiri yakhutira. Wachisanu ndi chimodzi wasintha 100 kukhala 101, yankho n'kukhala 380199, ndipo wadutsa pa chifukwa chomwecho. Tesiti yachiwiriyi imangofunsa ngati kuchotsera kwachitika, siyifunsa kuti kwachotsedwa zingati.

Wachisanu ndi chiwiri wasintha `>=` kukhala `>`, ndipo wachisanu ndi chitatu wasintha 10 kukhala 11. Zotsatira zawo n'zofanana: wogula matumba 10 ndendende sakuchotseredwanso, ngakhale lamulo la sitolo likumulola. Matesiti sanaone chifukwa anayesa matumba 2 ndi 20 basi, manambala amene ali kutali ndi malire. Cholakwika cha pamalire choterechi ndi chimodzi mwa zolakwika zofala kwambiri pa ntchito yolemba mapulogalamu, ndipo m'sitolo chikanadziwika tsiku limene wogula wa matumba 10 akanayamba kukangana ndi wogulitsa.

Amyutanti ophedwa akagawidwa ndi amyutanti onse pamatuluka sikoo ya myuteshoni. Pano ndi 4 mwa 8, kapena 50 peresenti, pa matesiti omwewo amene kavareji anawapatsa 100.

Kukonza kwake sikovuta. Tesiti yachiwiri ikufunika kunena nambala yeniyeni, ndipo pakufunika matesiti a pamalire:

```python
assert malipiro(20, 20000) == 380000
assert malipiro(10, 20000) == 190000
assert malipiro(9, 20000) == 180000
```

Mzere woyamba ukupha amyutanti a 6 ndi 101. Wachiwiri ukupha awiri a pamalire aja. Wachitatu sukupha aliyense mwa asanu ndi atatuwo, komabe wolemba wanzeru amauika. Chida chikanasintha 10 kukhala 9, wogula matumba 9 akanachotseredwa mosayenera, ndipo tesiti ya matumba 10 sikanaona kanthu. Malire ali ndi mbali ziwiri, ndipo myutanti wopulumuka mbali imodzi ndi chenjezo lakuti mbali inayo iunikidwenso.

Chifukwa chimene myutanti amapulumukira

Kuti tesiti iphe myutanti, zinthu zingapo ziyenera kuchitika motsatizana. Choyamba, tesitiyo ifike pa mzere wosinthidwa. Chachiwiri, manambala amene yapereka apangitse mzerewo kuchita zosiyana ndi zimene ukanachita usanasinthidwe. Chachitatu, kusiyanako kuyende mpaka kufika pa yankho lotuluka osazimiririka panjira. Pomaliza, tesiti iyang'ane yankholo mosamala mokwanira kuti ione kusiyanako. Kavareji amayeza choyamba chokha. Amyutanti a pamalire aja anapulumuka pa chachiwiri, popeza matumba 20 amachotseredwa kaya chizindikiro ndi `>=` kapena `>`. Amyutanti a 6 ndi 101 anapulumuka pa chomaliza: yankho linasintha, koma tesiti sinaliyang'anitsitse.

Kudziwa pamene myutanti wadutsira kumasonyeza chofunika kukonza. Ngati mzere sunafikidwe, pakufunika tesiti yatsopano. Ngati wafikidwa koma sunachite zosiyana, pakufunika manambala ena. Ngati yankho lasintha koma silinaonedwe, chofooka ndi funso limene tesiti ikufunsa. Nthawi zina zimapezeka kuti mzere wonse ukhoza kufufutidwa popanda chosintha chilichonse, ndipo pamenepo n'kutheka kuti mzerewo ndi wosafunika m'pulogalamu.

Kumene maganizowa anachokera

Richard Lipton ndiye amadziwika kuti anayambitsa maganizowa mu 1971 ali wophunzira ku America. Mu 1978, iye pamodzi ndi Richard DeMillo ndi Frederick Sayward anawafotokoza m'magazini ya Computer ya bungwe la IEEE. Timothy Budd analemba kafukufuku wake wa digiri ya udokotala pa nkhaniyi ku yunivesite ya Yale mu 1980, ndipo m'zaka za m'ma 1980 kunapangidwa chida chotchedwa Mothra cha chinenero cha Fortran.

Munthu akhoza kufunsa kuti kusintha chizindikiro chimodzi kukufanana bwanji ndi zolakwika zenizeni, zimene nthawi zina zimakhudza mizere yambiri. Oyambitsawo anayankha ndi mfundo ziwiri. Yoyamba ndi yakuti wolemba mapulogalamu wodziwa ntchito yake salemba zinthu zosokonekeratu. Amalemba pulogalamu yoyandikira kwambiri yolondola, ndipo zolakwika zake zimakhala zazing'ono, monga chizindikiro cholakwika kapena malire osuntha ndi nambala imodzi. Yachiwiri ndi yakuti matesiti amene amagwira zolakwika zazing'ono zonse amagwiranso zazikulu zambiri, chifukwa kuti agwire zazing'onozo amayenera kuunika pulogalamu mwatsatanetsatane. Mfundo ziwirizi si malamulo a masamu otsimikizidwa, ndipo zinafunika kuyesedwa pa mapulogalamu enieni. Mu 2014, René Just ndi anzake anafalitsa kafukufuku wa zolakwika zenizeni 357 zochokera m'mapulogalamu asanu a Java. Anapeza kuti pa 73 peresenti ya zolakwikazo, matesiti amene anagwira cholakwikacho anaphanso amyutanti amene matesiti akale sankawapha. Nambala imeneyi ndi yaikulu mokwanira kuti njirayi ikhulupiridwe, komanso ikusonyeza poyera kuti pali gawo la zolakwika limene amyutanti salifika.

Myutanti wosapheka

Si myutanti aliyense wopulumuka amene amasonyeza kufooka kwa matesiti. Mwini sitolo uja atawonjezera lamulo lakuti ndalama zochotsera zisapitirire K50,000, pulogalamu ikanakhala ndi mizere yotere:

```python
if chochotsa > 50000:
    chochotsa = 50000
```

Chida chisintha `>` kukhala `>=`. Kusiyana kungaoneke pokhapokha chochotsa chili 50000 ndendende. Pamenepo pulogalamu yoyamba imachisiya momwe chilili, pamene myutanti amachilembanso kuti 50000. Yankho ndi limodzimodzi pa nambala iliyonse imene ingaperekedwe. Myutanti wotere ndi wofanana ndi pulogalamu yoyamba m'zochita zake zonse, ndipo palibe tesiti imene ingamuphe.

Amyutanti ofananawa ndiwo vuto lakale kwambiri la njirayi. Zinatsimikizidwa ndi masamu kuti sipangakhale chida chozindikira molondola, pa mapulogalamu onse, ngati mapulogalamu awiri amachita zofanana nthawi zonse. Zida zimatha kuchotsako ena osavuta, mwachitsanzo pomasulira makope awiriwo m'chinenero cha makina n'kuona ngati atuluka ofanana, koma otsalawo amafuna munthu kuti akhale pansi n'kuwaganizira. M'chitsanzo chapamwambachi zimatenga mphindi imodzi. M'pulogalamu yovuta munthu akhoza kutaya nthawi yaitali akufunafuna nambala yophera myutanti amene sangaphedwe. N'chifukwa chake sikoo yolondola imawerengedwa amyutanti ofananawa atachotsedwa kaye, ndiponso n'chifukwa chake kulamula gulu la olemba mapulogalamu kuti lifike 100 peresenti nthawi zambiri sikuthandiza.

Nthawi imene zimatenga

Chimene chinachedwetsa myuteshoni kulowa m'ntchito ya tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri ndi kuchuluka kwa ntchito ya kompyuta. Ngati matesiti onse amatenga mphindi 5, ndipo pulogalamu yabereka amyutanti 2,000, kuyendetsa matesiti onse pa myutanti aliyense kungatenge mphindi 10,000, pafupifupi sabata yathunthu usana ndi usiku. Palibe angadikire chotero pa kusintha kulikonse.

Zida zamakono zimachepetsa nthawiyi m'njira zingapo zomveka. Zimayamba ndi kavareji kuti zidziwe matesiti amene amafika pa mzere uliwonse, kenako pa myutanti aliyense zimayendetsa okhawo. Tesiti imodzi ikangolephera zimasiya pomwepo, popeza myutanti waphedwa kale. Zimagawanso amyutanti kuti ayesedwe angapo nthawi imodzi. Chida cha PIT, chimene Henry Coles analembera chinenero cha Java, chimasintha pulogalamu itamasuliridwa kale, moti siyifunika kumasuliridwanso pa myutanti aliyense. Stryker imagwira ntchito yofananayo pa JavaScript, C# ndi Scala, Infection pa PHP, ndipo pa Python pali mutmut, imene imayambitsidwa ndi lamulo la `mutmut run`, zotsatira n'kuonedwa ndi `mutmut results`.

Lipoti la PIT limalemba `KILLED` pa wophedwa, `SURVIVED` pa wopulumuka, ndi `NO_COVERAGE` pa amene ali pa mzere wosafikidwa ndi tesiti iliyonse. Palinso `TIMED_OUT`. Kusintha kwina kumapangitsa pulogalamu kuzungulira malo amodzi osatha, monga pamene nambala yoyenera kumakwera mpaka ifike malire yasinthidwa kuti izitsika. Chida chimadikira nthawi yoikika, kenako chimaimitsa myutantiyo n'kumuwerenga ngati wagwidwa, chifukwa pulogalamu yosamaliza ntchito ikanaonekera kwa aliyense.

Kampani ya Google inatenga njira ina, imene Goran Petrović ndi Marko Ivanković anaifotokoza mu 2018. M'malo mowerenga sikoo ya pulogalamu yonse, amapanga amyutanti pa mizere yokhayo imene munthu wangosintha kumene, ndipo opulumuka amaonetsedwa pa nthawi imene mnzake akuunika kusinthako kusanavomerezedwe. Amapewanso mizere imene kuisintha sikuphunzitsa kanthu, monga yongolemba mauthenga osungira mbiri ya zimene pulogalamu yachita. Njira imeneyi ndi yanzeru, chifukwa munthu wopatsidwa amyutanti opulumuka mazana ambiri tsiku limodzi amangotseka lipotilo, pamene wopatsidwa awiri kapena atatu pa mizere imene akuikumbukirabe amawakonza.

Zimene njirayi siyiona

Myuteshoni imasintha zimene zalembedwa, choncho siyiona zimene zaiwalika. Pulogalamu ya sitolo ija siyikana chiwerengero cha matumba chochepera ziro. Wina akalemba -3 molakwitsa, yankho likhala -60000, ngati kuti sitolo ndiyo ili ndi ngongole kwa wogula. Matesiti okonzedwa aja akupha amyutanti onse asanu ndi atatu, sikoo ndi 100 peresenti, koma cholakwikachi chidakalipo chifukwa palibe mzere wokhudza nkhaniyi umene chida chikanasintha. Chimodzimodzinso ngati wolemba sanamve bwino lamulo. Mwini sitolo atakhala kuti ananena matumba 12, wolemba n'kuika 10 m'pulogalamu ndi m'matesiti momwe, myuteshoni ingothandiza kuti cholakwikacho chitetezedwe mwamphamvu. Kulondola kwa lamulo lenilenilo kumadziwika pokambirana ndi mwini ntchito.

Sikoo ikhozanso kunama mokweza. Pali matesiti amene amakhoza lero mawa n'kulephera popanda chosintha, chifukwa amadalira nthawi, intaneti kapena dongosolo limene matesiti ayendera. Tesiti yotere ikalephera mwangozi pa myutanti, chida chimalemba kuti waphedwa pamene sanaonedwe n'komwe. Chizindikiro chake n'chakuti myuteshoni ikayendetsedwa kawiri pa pulogalamu yomweyo, zotsatira zimasiyana, ndipo matesiti oterewa ayenera kukonzedwa kaye sikoo isanakhulupiridwe. Komanso amyutanti ambiri ndi ophweka, amafa ndi tesiti iliyonse yongodutsa pa mzerewo, moti amakweza peresenti popanda kunena zambiri. Zida zosiyana zimapanganso mitundu yosiyana ya amyutanti, choncho 80 peresenti ya chida china siyingayerekezedwe ndi 80 peresenti ya chinzake.

Choopsa china chimabwera pamene sikoo yasanduka cholinga. Wolemba wokakamizidwa kukweza nambala akhoza kuyendetsa pulogalamu, n'kukopera yankho lililonse lotuluka m'tesiti osafunsa ngati ndi lolondola. Amyutanti afa, koma matesitiwo angotsimikiza kuti pulogalamu ikuchita zimene ikuchita. Nambala ya 190000 m'tesiti ya matumba 10 ili ndi phindu chifukwa inawerengedwa kuchokera pa lamulo la sitolo, K200,000 kuchotsapo K10,000, osati chifukwa pulogalamu inaitulutsa. Pa chifukwa chimenechi magulu odziwa ntchito amayamba myuteshoni pa mbali zimene cholakwika chingapweteke anthu, monga zowerengera ndalama ndi zoona amene ali ndi chilolezo cholowa, ndipo amawerenga opulumuka mmodzimmodzi. Pa aliyense amasankha chimodzi mwa zitatu: kulemba tesiti yochokera pa lamulo la ntchito, kufufuta mzere wosafunika, kapena kulemba chifukwa chimene myutantiyo wasiyidwira wamoyo kuti wobwera pambuyo asatayenso nthawi pa iye.